"Tamva, tamva": mwamva chiyani?

Mtima sunatsikebe chichokere ku banki m'khonde dzulo, ndiye mundilole ndilankhule. Pali mawu amodzi amene andikwana: "tamva". Munthu sanamalize n'komwe chiganizo, inu mwati kale tamva. Mwamva chiyani? Tatiuzani. Ngati simungathe kumubwezera munthu zomwe wanena, m'mawu anuanu, iye n'kuvomera kuti ndi zomwezo, simunamve kanthu. Munangodikira kuti atseke pakamwa kuti inu mutsegule panu.

Gulu lathu timakumana Lachisanu masana. Pali mayi wina wogulitsa mandasi, wofatsa, wa mawu apansipansi. Anatenga ngongole ya K80,000, ndipo ndi chiwongoladzanja cha 20 peresenti amayenera kubweza K96,000 dzulolo. Dzina lake litaitanidwa anakonza chitenje n'kuyamba: "Zikomo apampando. Sabata inoyi kwathu sikunali bwino, mwana anadwala, ndiye Lachiwiri..." Basi, anafika pomwepo. Apampando, maso ali m'buku, cholembera chili m'manja: "Tamva mayi, tamva. Mavuto tonse tili nawo. Chindapusa ndi K5,000, malamulo mukuwadziwa." Mayi uja anayesanso: "Ayi, ndimati Lachiwiri lija..." Wina kumbuyo: "Ngakhale ine wanga anadwala mwezi watha koma ndinabweza." Winanso wayamba kale uphungu woti ndalama ya bizinesi sasakaniza ndi ya pakhomo. Anthu 18 pakhonde, aliyense ali ndi yankho, funso palibe amene walimva. Mayi uja anangoti "basi, zisiyeni," n'kuwerama.

Mawu akuti "zisiyeni" muziwaopa. Munthu akawanena nkhani imakhala isanathe, kungoti watopa nanu.

Amene anatipulumutsa ku manyazi ndi agogo ena amene salankhulalankhula pagulu, ogulitsa fodya wa mphuno. Anati: "Taimani kaye. Mwana wanga, ine ndamva kuti mwana anadwala, ndiye ndalama ya ngongole yapita ku mankhwala. Ndi choncho?" Mayi uja anadzutsa mutu: "Ayi agogo, ndalama sinapite ku mankhwala. Ndimaopa kuti ndikaisunga m'nyumba ndiigwiritsa ntchito, ndiye Lachiwiri ndinatumiza K60,000 pafoni kwa asungichuma." Agogo aja: "Oho. Ndiye ukuti K60,000 unatumiza kale Lachiwiri. Unatumiza pa nambala iti?" Mayi uja anatulutsa foni, nawerenga uthenga wotsimikiza. Nambala yake inali yakale ya asungichuma, imene anasiyira mwana wawo atagula simu ina, osauza gulu lonse. K36,000 yotsalayo mayi uja anali nayo pomwepo, atamanga pa mfundo ya chitenje. Munthu amene timafuna kumulipiritsa chindapusa anali atabweza gawo lalikulu masiku atatu tsiku lake lisanakwane.

Onani zomwe agogo aja anachita. Anabwereza zomwe anamva, ndipo anaphonya! Nawonso ankaganiza kuti ndalama yadyedwa, ngati tonsefe. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo maganizo awowo anawaika poyera n'kufunsa kuti "ndi choncho?", mwini nkhani n'kupeza mpata wowakonza. Ife tinali ndi maganizo olakwika omwewo koma tinawasunga m'mutu n'kugamula nawo mlandu. Ntchito ya kubwereza ndi imeneyo. Sikuonetsa kuti ndinu ochenjera. N'kupereka zomwe mwamvazo kwa mwiniwake kuti aone ngati zili zake. Akati "eya, ndi zomwezo," mwapindula. Akati "ayi, sindikutanthauza choncho," mwapindula koposa, chifukwa mwagwidwa musanalowe m'dzenje.

Ndidziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Ndipo musandiuze kuti mumavomera munthu akamalankhula. "Eee", "ndithu", "zoona", "pepani": zimenezo n'zosavuta, pakamwa pamachita pokha. Ine ndimatha kunena "ndithu" kakhumi uku ndikuwerengera m'mutu mtengo wa thumba la makala. Bambo wa pakhomo amatha kunena "eya, eya" maso ali pa mpira, mkazi wake akumuuza kuti mwana wabwezedwa kusukulu, mawa n'kumakana kuti sanauzidwe. Kugwedeza mutu aliyense angathe kunamizira. Chimene simunganamizire n'kubwereza. Kuti munene kuti "ndiye mukuti aphunzitsi amubweza chifukwa cha yunifolomu, osati fizi?" muyenera kuti munamveradi. Palibe njira yachidule.

Nkhaniyi siyachilendo ngakhale kwa ophunzira kwambiri. Madokotala ndi odwala ku America anajambulidwa mawu pa kafukufuku wa Howard Beckman ndi Richard Frankel amene anatuluka mu 1984. Anapeza kuti dokotala amadula mawu wodwala patangotha masekondi pafupifupi 18 chiyambire kufotokoza, ndipo pa maulendo 74 amene anawamvetsera, odwala amene anamaliza kufotokoza chimene chawabweretsa sanakwane ngakhale mmodzi pa anayi alionse. Masekondi 18! Apampando athu dzulo sanafike n'komwe 10. Mwina n'changu, mwina ndi mafoni atizolowetsa kuthamanga, kaya, zilibe ntchito. Vuto la kudula munthu msanga n'lakuti ife Amalawi sitiyamba ndi mutu wa nkhani. Timayamba ndi moni, kenako matenda a mwana, kenako mvula, ndipo chenicheni chimabwera kumapeto. Mukadula pa chiganizo choyamba mwagwira mawu otsekulira khomo n'kuwayesa nkhani yonse. Mayi uja "mwana anadwala" chinali chiyambi chabe. Nkhani inali pa mawu akuti "Lachiwiri", amene anawanena kawiri konse, ife osawatola.

Munthu akabwereza liwu limodzi kawiri, katatu, ndiye kuti pamenepo pali kanthu. Funso lanu lichokere pamenepo. "Lachiwiri kunachitika chiyani?" Basi. Funso labwino lotsatira limatengedwa m'kamwa mwa wolankhulayo, silichokera m'mutu mwanu. Agogo aja sanafunse kuti bizinesi ikuyenda bwanji kapena bambo a kunyumba akugwira ntchito yanji. Mayi anati "ndinatumiza", iwo anati "pa nambala iti?" Liwu lake lomwelo, n'kuliwonjezera kaphazi kamodzi. Safunsa adadya phula, ndipo ife dzulo tinatsala pang'ono kudya phula la K5,000 ya munthu wosalakwa.

Koma pali mafunso ena amene si mafunso, ndi zikoti. "Nanga bwanji simunanene kale?" "Simukudziwa kuti Lachisanu ndi tsiku lobweza?" "Inuyo mumaganiza chiyani?" Amenewo yankho lake muli nalo kale, mukungofuna munthu agwade. Mukafuna kudziwa ngati funso lanu ndi funso, dzifunseni ngati yankho lake lingakusintheni maganizo. Ngati silingathe, mukuweruza. Ndaonanso kuti "chifukwa chiyani" amamuika munthu pakona ngati ali kupolisi, amayamba kudziteteza. "Zinayenda bwanji?" kapena "kenako?" zimamusiya afotokoze.

Wina anena kuti ndiye tizingovomera chilichonse? Ndani wati muvomere? Kubwereza sikuvomereza. Mayi uja akanakhala kuti ndalama wadyadi, agogo akanatha kunena kuti "ndamva kuti mwana anadwala ndipo ndalama yapita kuchipatala, pepa, koma lamulo la gulu likuti chindapusa chilipo." Chindapusa akanalipira ndithu, koma akanapita kwawo akudziwa kuti nkhani yake yalowa m'khutu la munthu. Katswiri wa za maganizo wa ku America, Carl Rogers, analemba kalekale, mu 1952, kuti anthu akamakangana ayese lamulo ili: usanene zako usanabwereze maganizo a mnzako, ndi mmene akumvera mumtima, mpaka iye mwini akhutire kuti wamumva. Taonani, wokhutira ndi iyeyo, osati inu. Si inu wopereka malikisi a kumva kwanu. Ine lamulo limeneli ndinaliona ndili mwana kwa malume anga, amene sanalowe m'kalasi ya Rogers. Anali nkhoswe, ndipo banja likabwera ndi mlandu ankamvetsera mkazi mpaka amalize, n'kunena kuti "mlamu, dandaulo lanu ndalimva motere," n'kulifotokoza lonse mwamuna ali pomwepo. Mkazi akati "mwasiya kumodzi," ankabwereranso. Mwamuna sankaloledwa kuyankha mpaka mkazi atati "ndi momwemo." Milandu ina inkafewa pomwepo uphungu usanayambe, chifukwa munthu amene wakhala akukuwa miyezi itatu kwa nthawi yoyamba wamva mawu ake akuchokera m'kamwa mwa wina.

Pali malire ake, ndisaname. Musasanduke chinkhwe, munthu akati "ndatopa" inu "mwatopa", akati "zandikwana" inu "zakukwanani". Kumeneko n'kunyoza, ndipo munthu amazindikira msanga. Bwerezani pamene nkhani yafika popumira, kapena musanagamule kanthu, ndipo mubwereze mwachidule m'mawu anu. Musamuuzenso munthu mmene akumvera ngati ndinu mwini mtima wake, "zikuoneka ngati zakuwawani, kapena ndalakwa?" ndi zosiyana ndi "mwakwiya inu". Ndipo pamaliro musakayese zimenezi. Wofedwa safuna mafunso otsatira, khalani naye pansi basi. Zoti munthu womvetsera azikuyang'ana m'maso nazonso musazitenge ngati lamulo: mwana wa kwathu kuno akamalankhula ndi wamkulu amayang'ana pansi, ndi ulemu umenewo. Mukafuna kudziwa ngati wamva, mufunseni kuti "ndakutuma chiyani?"

Mumadziwa bwanji kuti munthu wamva kuti mwamumva? Mawu ake amatsika. Amasiya kubwereza chinthu chimodzimodzi. Nthawi zambiri amawonjezera china chimene sakananena. Mayi uja nkhani ya nambala itatha ndi pamene anatiuza kuti mwanayo akadali wofooka ndipo mandasi sanakazinge masiku anayi. Zimenezo akanaziuza ndani pakati pa "tamva, tamva"?

Chimene chikundiwawabe n'chakuti palibe amene anapepesa. Apampando anangofufuta K5,000 m'buku n'kuitana dzina lotsatira, ngati palibe chachitika. Mayi wa "ngakhale ine wanga anadwala" uja anali kale pafoni.

Ndipo inu a "ngakhale ine", ndikubwera kwa inu. Munthu akuti mutu ukundipweteka, inu wanu unapweteka sabata yathunthu. Akuti andibera njinga, inu anakuberani njinga yamoto ndi chipewa chomwe. Akuti amayi agonekedwa, inu mwayamba kale mbiri ya azakhali anu a ku Ntcheu ya chaka chatha. Mumati mukumutonthoza, koma mwamulanda nkhani m'manja, iye wasanduka womvetsera wanu. Chimodzimodzi pa WhatsApp: munthu wajambula mawu mphindi zinayi akulira, inu mwayankha ndi kachala koloza m'mwamba pasanathe theka la mphindi. Mwamvetsera nthawi yanji?