Eti anangochita mwayi?

Pali anthu ena pakamwa pawo sipatsekeka. Dzulo pa chinkhoswe ku Area 18, bambo wina akunena za mlamu wanga wamvekere: "Uja anangochita mwayi. Munthu wolephera ndi moni yemwe angapeze bwanji bizinesi? Mbewa yamanyazi inafera kuuna." Anthu n'kumaseka. Ine ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano sunaphwe.

Mwayi wake uti, bambo inu?

Mlamu wangayu ndi akauntanti, ndipo zamanyazizo n'zoona, pagulu mawu ake simungawamve. Tsiku lina anapita ku maphunziro a zamisonkho a eni mabizinesi ang'onoang'ono ku City Centre. Kumeneko mayi wina wa ku Area 25, wosoka mayunifomu a alonda, anaimika mkono n'kufunsa kuti: "Ndikapereka katundu wa K2,000,000 ku kampani, ku banki kumalowa K1,940,000. Inayo akudya ndani?" Holo yonse inafa nacho chiseko. Wophunzitsa anati tikambirana pamapeto, koma pamapetopo aliyense anali pamzere wa chakudya.

Mlamu sanayankhule, n'chibadwa chake. Koma madzulo anatenga nambala ya mayiwo pa gulu la WhatsApp la maphunzirowo n'kuwalembera: "Mayi, pepani ndakusokonezani. Funso lanu lija linali labwino, musachite nalo manyazi. K60,000 ija sinabedwe, ndi msonkho umene anakudulirani. Mukafune satifiketi yake."

Basi, uthenga wake unali umenewo. Ndiye mwayi uli pati apa?

Chimene anthu ankaseka chija ambiri mwa iwo sankachidziwanso. Kampani ikagula katundu kwa wamalonda, lamulo limaiuza kuti idule 3 peresenti pa malipirowo n'kukapereka ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Ndalamayo imapita m'dzina la wogulitsayo, pa nambala yake ya msonkho yotchedwa TPIN, ndipo kampaniyo iyenera kumupatsa satifiketi yosonyeza kuti yadula zingati. Chaka chikatha, powerengera msonkho wa phindu lake, wogulitsa uja amachotsapo zonse zimene anamudulira kale. Opanda umboni umenewu, mwalipira kawiri. Mayi aja ankadulidwa odala iliyonse, satifiketi olo imodzi sanaifunsepo, chifukwa palibe anawauza kuti iliko.

Loweruka lotsatira anabwera ndi jumbo yodzaza malisiti, ena onyowa mafuta a makina osokera. Mlamu anakhala nawo pansi, kufananitsa invoisi iliyonse ndi ndalama imene inalowa ku banki. Pomwe pasiyana ndi 3 peresenti ndendende, adziwa kuti ndi msonkho, akafune pepala lake. Pomwe pasiyana ndi zochuluka, adziwa kuti kasitomala sanamalize kulipira. Ngongole zina zimene mayiwo anaiwala zinatulukira pomwepo. Satifiketi ina itabwera, anapeza kuti TPIN yalembedwa molakwika, anaibweza kuti akakonze, chifukwa ndalama yolowa pa nambala ya mwini siingakuwerengereni inu. Sanawalipiritse kanthu tsiku limenelo.

Mwayi umenewo? Kukhala Loweruka lonse ndi malisiti a munthu wosamudziwa, mwayi?

Zaka zadutsa, lero bizinesiyo ndi ya awiri. Mayi aja amaona za nsalu, amisiri ndi makasitomala, mlamu amaona za mabuku ndi misonkho, ndipo ali ndi gawo lake pa phindu. Ndalama ya shopu ili pa akaunti yake, ya ndiwo za kunyumba payokha. Mwina zinathandizanso kuti nthawi imeneyo mayiwo ankafunadi munthu wa mabuku, chabwino, koma maakauntanti m'holo muja analimo ambiri. Onse anamva funsolo. Onse anali ndi foni m'thumba. Analemba ndi m'modzi. Kupatsa n'kuika, anatero akulu, ndiye munthu akamatuta pomwe anaika musamati watola.

Chimene chimandinyansa n'chakuti kuno ku Lilongwe tazolowera kuyesa munthu ndi phokoso lake. Woyankhulitsa pa maikolofoni ndiye wanzeru, wogawa makhadi a bizinesi kwa aliyense ndiye wochangamuka. Makhadiwo amathera pansi m'minibasi. Wachete akachita bwino, eti mwayi, eti wakhwimira. Sanachite mwayi, ndati. Anamva munthu akusekedwa, ankadziwa yankho, analipereka mwaulemu. Inuyo bambo wa pa chinkhoswe, ndi pakamwa panu ponsepo, munalemberapo ndani uthenga wosayamba ndi "bwana, tandiganizireni"?

Ndipo maphunziro enawa nawonso atitopetsa. Munthu kuyankhula maola atatu akuwerenga zolembedwa pakhoma, Chingerezi chokhachokha, mayi wosoka akafunsa chinthu chimene chikumudyera ndalama mwezi ndi mwezi, eti nthawi yatha. Koma nthawi yojambulitsa chithunzi cha gulu ndi yosainira alawansi ndiye siitha ayi.