Thupi lazizira, ndiye mwana wachira?

Lero ndapsa mtima, mundilole ndilankhule. Mlamu wanga wangotuluka kumene m'chipatala ndi mwana wa zaka ziwiri, atagonako masiku anayi. Chifukwa chake? Mapiritsi 12 amene anawakulunga m'kapepala n'kubisa m'kabati.

Mwanayu anayamba ndi chifuwa, thupi moto, kupuma mothamanga. Kuchipatala anamuvula malaya n'kuwerenga kapumidwe kake, kupitirira ka 40 pa mphindi imodzi. Akuti chibayo. Anapatsidwa amokisisilini, aja osungunula m'madzi: awiri m'mawa, awiri madzulo, masiku asanu. Onse pamodzi 20. Tsiku lachiwiri madzulo mwana wadya phala, akuthamangitsa nkhuku pabwalo. Mayi ake amvekere, "Wachira uyu, otsalawa tisunge adzatithandiza tsiku lina."

Tsiku lina liti? Mankhwala si ndiwo zoti mubisirepo za mkute!

Sipanathe sabata, usiku mwana wayambiranso. Ulendo uno pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, phala akukana, kulira komwe kukukanika. Njinga yamoto pakati pa usiku, jakisoni, timachubu ta mpweya m'mphuno. Nesi atafunsa ngati anamaliza mankhwala, mlamu wanga anangoyang'ana pansi. Pano ndi amene akudula timizere pakhoma ndi khala, m'mawa kamodzi, madzulo kamodzi, mpaka paketi ithe. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Amayi anzanga, kuzizira kwa thupi si kuchira. Kuseka kwa mwana si kuchira. Masiku awiri oyambawo tizilombo tangochepa, sitinathe, ndipo totsalato tikangoona mpata timaswananso. Njoka mwaimenya kumchira, mutu mwausiya, inu n'kukagona m'nyumba momwemo. Akati masiku asanu, ndi asanu. Osati awiri chifukwa mwana wadya, osati atatu chifukwa akulavula. Woti asinthe kapena kusiyitsa mankhwala ndi dokotala, osati apongozi, osati anzanu a pachitsime. Mwana akasanza mukangomumwetsa, kapena akatuluka zidzolo, bwererani mukafunse, osangosiya chinunu.

Ndikudziwa, chipatala chili kutali ndipo nthawi zina mankhwala amasowa. Koma mapiritsi 12 amenewo akanachiza ndani? Si mlingo wokwanira wa mwana wina aliyense wa msinkhu umenewo. Mwamumana uyu, ndipo wotsatirayo mudzamupatsanso theka.

Ndipo inu a m'magolosale amene mumagulitsa makapusozi awiriawiri ngati maswiti, munthu akangoti "ndili ndi chimfine," munaphunzira kuti udokotala? Chimfine wamba sichimva n'komwe amokisisilini. Dzulo lomweli ndaona mnyamata akugula awiri pamodzi ndi sopo ndi machesi.