Funso likakugwerani pagulu, yankhani za dzulo, za lero ndi za mawa

Ndakhumudwa kwambiri ndi zimene zinachitika Loweruka pa msonkhano wa makolo pa sukulu ina ya ku Kanyama kuno ku Lusaka, imene makolo timathandiza kuyendetsa ndi ndalama zathu. Mayi wina wachikulire anaimirira mwaulemu nafunsa kuti, "A pampando, kodi nkhani ya madzi pa sukulu pano ili pati?" Funsolo silinali pa ndondomeko ya msonkhano, koma linali funso loyenera, ndipo bambo amene anafunsidwawo ntchitoyo amaidziwa bwino kuposa tonsefe. Chimene tinalandira ndi chipwirikiti cha mawu. Anayamba ndi kuthokoza aliyense, analumphira ku kuzima kwa magetsi, anabwerera ku chaka chimene sukulu inatsegulidwa, anatchula mmisiri wina amene anawakhumudwitsa, kenaka anakhala pansi. Mayi aja anaimiriranso nati, "Pepani bambo, ndiye kuti ana ali ndi madzi kapena alibe?"

Chimene chinasowa pamenepo si nzeru, ndiponso si chilungamo, koma dongosolo. Funso lodzidzimutsa lokhudza ntchito imene ili mkati limayankhidwa ndi zinthu zitatu zotsatana monga momwe nthawi imayendera: kumene tachokera, pamene tili, ndi kumene tikupita. Munthu safunika pepala kuti akumbukire zimenezi, chifukwa dzulo, lero ndi mawa zinafoleredwa kale m'mutu mwa aliyense, ndipo womvera amadziwa chimene chikubwera asanachimve.

Titatuluka ndinacheza nawo a pampandowo, ndipo zonse zimene zinafunika anandiuza bwinobwino titaima pa geti. Akanatha kuyankha motere: "Zikomo amayi, mwafunsa za madzi. Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2024 tinagwirizana zosonkha ndalama, tinakumba chitsime ndi kuikapo pampu yamagetsi ndi thanki. Pakali pano pampu ikugwira ntchito, koma thanki inang'ambika pansi, choncho madzi amapezeka pokhapokha magetsi akayaka, ndipo ndalama zimene zili m'thumba zikungokwana theka la mtengo wa thanki yatsopano. Pa msonkhano wa mwezi wamawa a msungichuma adzabweretsa mitengo ya m'masitolo atatu, ndipo inu makolo mudzasankha ngati tisonkhenso kapena timate yakaleyo." Mawu amenewa sakwana ngakhale mphindi imodzi, koma mayi aja akanabwerera kwawo akudziwa chimene chinachitika, chimene chavuta, ndi tsiku limene adzafunsenso.

Taonani mmene mbali zitatuzi zagawanirana katundu. Za m'mbuyo zatenga chiganizo chimodzi chokha, chifukwa palibe kholo la ku Kanyama limene likufunika kuuzidwa kuti kolera inayamba mu Okutobala 2023, kuti odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium, kapena kuti sukulu zinachedwa kutsegulidwa mpaka mu Febuluwale 2024. Zonsezo tinaziona ndi maso athu. Ntchito ya mbali yoyambayi ndi kukumbutsa anthu poyambira, basi. Za lero ndizo zimasenza katundu wolemera, chifukwa n'zimene wofunsayo waimirira, ndipo m'menemo muyenera kukhala chinthu chogwirika: chimene chikuyenda, chimene chafa, ndi ndalama zimene zilipo. Za mawa zikhale ndi munthu, ntchito ndi nthawi. Mawu akuti "tiona chochita" sali m'gulu la za mawa ayi, ndi njira yokhalira pansi popanda kulonjeza kanthu.

Anthu ambiri amamira mu mbali yoyamba. Mbiri ndi yokoma kuifotokoza chifukwa inatha kale ndipo siluma, choncho munthu akagwidwa ndi mantha amakhazikika m'menemo, n'kuyamba kutchula amene anapereka njerwa ndi amene anakana. Ena amathawira kutsogolo, amadumpha lero n'kuyamba kulonjeza mapanelo a sola ndi mipope m'kalasi iliyonse, pamene thanki ikudontha kuseri kwa ofesi. Onsewa akuzemba pamalo amodzi, pa lero, ndipo anthu okhala pa mabenchi amaona. Chizindikiro chakuti yankho lagwa n'chosavuta: wofunsa amabwereza funso lomwelo m'mawu afupi kuposa poyamba, monga anachitira mayi aja. Zikatero dziwani kuti mwalankhula koma simunayankhe.

Mwina n'chifukwa chakuti kusukulu tinaphunzitsidwa kuyankha mayeso ndi cholembera osati kuyankha anthu ndi pakamwa, koma chimenecho si chowiringula kwa munthu wamkulu amene anavomera yekha udindo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musanatsegule pakamwa pumani kamodzi, bwerezani funsolo mwachidule monga ndachitira pamwambapa ndi mawu akuti "mwafunsa za madzi", ndipo m'kanthawi kameneko sankhani chinthu chimodzi cha dzulo, chimodzi kapena ziwiri za lero, ndi chimodzi cha mawa. Kubwereza funso kumakupatsani mpata woganiza, komanso kumakumangirirani pa nkhani imodzi kuti musasochere. Mukamaliza za mawa, khalani pansi. Ambiri amawononga yankho labwino chifukwa choopa chete, n'kuyambiranso mbiri ija kachiwiri.

Ndisanamizire kuti njira imeneyi imatsegula chitseko chilichonse. Munthu akafunsa kuti, "M'thumba mwatsala ndalama zingati?" yankho ndi nambala, ndipo mukayamba ndi za 2024 anthu adzaganiza kuti mwadya ndalamazo ngakhale musanakhudze ngwee imodzi. Nenani nambala poyamba, mbiri ibwere pambuyo ngati aifuna. Chimodzimodzi funso lofuna inde kapena ayi. Ndipo ngati chinthucho simukuchidziwa, musadzaze mbali ya lero ndi zopeka. Nenani zimene munazisiya zili, vomerani kuti za panopa mulibe, ndipo tchulani tsiku limene mudzabwere nazo. Koma mafunso ambiri amene amatigwera mwadzidzidzi ndi a mtundu wa "zili pati", "zikuyenda bwanji" ndi "tiuzeni za inu", kaya ndi bwana amene wakumana nanu pakhonde, kaya ndi a komiti ya maliro, kaya ndi ofunsa mafunso a ntchito, ndipo onsewa amafuna dzulo lalifupi, lero lomveka ndi mawa lokhala ndi tsiku.

Chimene chikundipwetekabe mtima n'chakuti a pampando athu ndi munthu wokhulupirika, amene amayenda wapansi kukafunafuna amisiri, koma makolo ena anatuluka akunong'onezana kuti ndalama zadyedwa. Mbiri ya munthu yadetsedwa popanda mlandu, chifukwa chongolephera kufola ziganizo zitatu. Ndipo ife omvera tili ndi gawo lathu pa vutoli. Bambo aja atakhala pansi, anthu anawomba m'manja! Tinawombera chiyani? Tazolowera kuyesa yankho ndi kutalika kwake, kotero kuti munthu akayankha mwachidule timati ndi wamwano, koma akatizungulitsa mpaka dzuwa kupendeka timati amadziwa kulankhula. Amene anawomba m'manja kwambiri ndi omwewo amene anayamba miseche pa geti, ndipo pamene mayi aja anafunsa kachiwiri, panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawathandiza kunena kuti funso lawo silinayankhidwe.