Akwati a ku chigwa, chepetsani zophoda kuti zikhalitse

Nyengo ya maukwati yafika pachimake, ndipo Loweruka lililonse ndikuona zomwe zimandipweteka mtima. Mkwatibwi amalowa m'tchalitchi akuwala bwino, koma pofika pa perekaniperekani nkhope yalembeka mizere kuchokera pachipumi mpaka kuchibwano, kolala ya diresi loyera yasanduka yofiirira. Anthu amathamangira kunena kuti faundeshoni inali yotchipa. Ine ndimaphoda akwati kuno ku Nchalo, nthawi zina ndimafika ku Ngabu ndi ku Bangula, ndipo ndikunenetsa kuti kawirikawiri vuto si mtengo. Vuto n'lakuti timapaka zambiri, komanso timapaka mothamanga.

Aliyense amene watsikapo phiri kuchokera ku Blantyre amadziwa mmene mpweya umasinthira ukafika pa Thabwa. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kutentha kumapitirira madigiri 40. Kaphodedwe kamene kamakhala tsiku lonse kumtunda kozizira, kuno sikafika masana.

Choyamba tivomereze kuti pulayima, amene timapaka tisanaike faundeshoni, saletsa thukuta. Thukuta limachokera mkati mwa khungu ndipo liyenera kutuluka basi. Ntchito ya pulayima ndi kusalaza khungu, kuchedwetsa mafuta a m'thupi, ndi kupatsa faundeshoni pogwira. Zophoda zikakhala zopyapyala, thukuta limatulukira pamwamba ngati timadontho, inu n'kulichotsa bwinobwino. Zikakhala zochindikala, thukuta limasonkhana pansi, n'kuzinyamula zonse, n'kumatsetsereka nazo. Ndi chimodzimodzi kuzira nyumba: dothi lopaka pang'onopang'ono limagwira, koma lounjika nthawi imodzi limang'aluka n'kumatuka.

Ine ndinaphunzira izi movutika. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, ndinaphoda mtsikana wina amene anali ndi timadontho takuda m'masaya. Pofuna kubisa zonse ndinapaka faundeshoni katatu nkhope yonse, n'kuunjikapo paudala. Anali atadzola kale loshoni yosakaniza ndi gilisalini, monga ambiri timachitira, ndipo ine sindinafunse. Mwambo wa kutchalitchi usanathe, pamphuno panali patayera, pamwamba pa mlomo patang'ambika. Ndinamva chisoni kwambiri, chifukwa zithunzi za tsiku limenelo ndi zimene adzasunge moyo wake wonse.

Masiku ano ndimayambira pa khungu lenilenilo. Mkwatibwi asambe kumaso ndi madzi ozizira, akhale pamthunzi kapena pafani mpaka thupi lizizire. Munthu amene wangochoka kumoto kapena kusamba madzi otentha amapitiriza kutuluka thukuta kwa kanthawi, ndipo chilichonse mungapake pa khungu lonyowa sichigwira. Gilisalini ndi mafuta olemera aja asafike kumaso tsiku limenelo. Mafuta amasungunula zophoda, n'chifukwa chake timawagwiritsa ntchito pozichotsa usiku. Koma musasiyiretu kudzola, chifukwa khungu louma limapangitsa faundeshoni kuoneka yothethekatheka. Kaloshoni kopepuka pang'ono n'kokwanira, ndipo ngati pali mafuta oteteza ku dzuwa, apatseni mphindi 15 kuti akhazikike.

Pulayima ndimatenga wochuluka ngati njere imodzi ya nandolo. Sindipaka nkhope yonse. Ndimaika pachipumi, pamphuno, pamwamba pa mlomo ndi pachibwano, kumene mafuta ndi thukuta zimayambira, ndipo ndimachita kusindikiza ndi chala, osati kutikita. Kenako ndimadikira mphindi ziwiri kapena zitatu. Kudikira kumeneku ndi kumene ambiri sitikufuna, makamaka operekeza akwati asanu ndi mmodzi ali pamzere, galimoto ikuliza hutala panja. Koma mukapaka faundeshoni pulayima asanakhazikike, ziwirizo zimangosakanikirana n'kukhala phala limodzi loterera.

Pali chinanso. Pulayima wina amakhala wa silikoni, amene amamveka woterera ndi wosalala m'zala, wina amakhala wamadzi, wonata pang'ono akamauma. Si pulayima aliyense amagwirizana ndi faundeshoni iliyonse. Yesani kuseri kwa dzanja tsiku la ukwati lisanafike: pakani pulayima, dikirani, pakani faundeshoni, ndiye pukutani pang'ono ndi chala. Mukaona tinyenyeswa tikubulungika ngati litsiro la posamba, ziwirizo sizikumvana, kapena mwachulutsa. Ndipo anzanga ophoda, mankhwala oyera a m'mimba aja a maginiziya amene ena akupaka kumaso m'malo mwa pulayima, chonde asiyeni. Amaumitsadi mafuta, koma sagwirizana ndi khungu, ndipo kuwabwereza kumalisiya louma ndi loyabwa.

Faundeshoni ndimayamba ndi dontho limodzi lokha kuseri kwa dzanja, n'kumaisindikiza ndi siponji yonyowetsa yofinya bwino, kuyambira pakati pa nkhope kupita m'mbali. M'mphepete mwa tsitsi ndimangodutsitsa zotsalira pa siponji, chifukwa pansi pa wigi ndi velo ndi pamene mtsinje wa thukuta umayambira. Madontho akuda ndimawabisa paokhapaokha ndi konsila, chophoda chobisira zipsera, pa kaburashi kakang'ono. Apa ndi pamene ndinalakwitsa pa mtsikana uja: malo ofunika kubisa anali ochepa, ine ndinakwirira nkhope yonse.

Zikatero ndimapopera sipule yokhazikitsa zophoda koyamba, paudala asanabwere. Ikauma ndimatenga paudala wosalala pa kansalu kake, n'kukung'untha wotsala, n'kumasindikiza m'malo a pulayima aja. Masaya nthawi zambiri safuna wambiri. Pomaliza ndimapoperanso, botolo lili pa mtunda wa masentimita 20 kapena 25, maso atatsinzina, n'kuumitsa ndi fani kapena kupepesa ndi katoni. Muzisiyanitsanso masipule. Ina ndi madzi onunkhira oziziritsa nkhope chabe. Yokhazikitsa yeniyeni ikauma kuseri kwa dzanja imasiya kanthu kokoka khungu pang'ono, ndipo kameneko ndi kamene kamagwira zophoda.

Paudala ndiye amene timamukhulupirira mopitirira muyezo. Woyera uja akachuluka pa khungu lathu lakuda, ndi maso amaoneka bwino, koma kamera ikaphethira nkhope imatuluka yotuwa ngati phulusa. Jambulani ndi foni, kuwala kwake kutayatsidwa, mkwatibwi asanatuluke m'nyumba.

Tsopano ntchito yanga ikatha, imayamba ya woperekeza wamkulu. Ndimamupatsa matishu osanunkhira ndi kansalu ka paudala, n'kumuonetsa pa nkhope yanga. Thukuta likatuluka, ikani tishu pamalopo, sindikizani pang'ono, werengani mpaka katatu, chotsani. Osakhula, osakoka. Azakhali amene amabwera ndi mpango mwachikondi n'kupukuta mwana wawo mwamphamvu, afotokozereni mwaulemu kuti mpangowo ukutenga zonse. Ndipo musaike paudala pa nkhope yonyowa, chifukwa amasanduka matope n'kuuma mabalamabala. Yambani mwachotsa thukuta, dikirani kamphindi, ndiye paudala pang'ono pamphuno pokha ngati pakunyezimira. Mukaona timadontho, limenelo ndi thukuta, tishu yekha akwanira. Kunyezimira kosalala ndi mafuta, ndipo kumeneko ndi kofuna paudala.

Ngakhale mutachita zonsezi, nkhope yophodedwa m'ma 6 koloko m'mawa singafike madzulo osaigwira, makamaka m'holo ya malata mkwatibwi akuvina. Ine ndimapempha akomiti kuti pakati pa kujambula zithunzi ndi madyerero andipatse mphindi 20, mkwatibwi akhale pamthunzi, amwe madzi, azizire. Ndimachotsa thukuta, kukonza pamwamba pa mlomo ndi m'mbali mwa mphuno ndi siponji yonyowa, kupoperanso kamodzi. Mukamalemba ndondomeko ya ukwati wa mwezi uno, mphindi 20 zimenezo muzilembemo.