Nthabwala iyesedwe pa animatiki, isanadye masabata anu

Maganizo anga kwa anzanga opanga makatuni: musayambe kujambula mayendedwe a chithunzi chilichonse musanaone munthu wina akuseka nthabwala yanu pa animatiki. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera.

Animatiki ndi sitolibodi, kutanthauza zithunzi zongokhwatcha zoonetsa nkhani yanu motsatana, yomwe mwaipatsa nthawi ndi mawu. Mumatenga zithunzi zongokhwatcha zija, kuziyala motsatana mu pulogalamu yodulira mavidiyo, kaya Kdenlive kaya DaVinci Resolve, chilichonse n'kuchipatsa mafulemu ake. Pansi pake mumaika mawu ojambula pa foni, anu omwe, ndi phokoso la zitseko ndi mapazi. Mawu ayambe kulowa ndiwo, zithunzi zitsatire, chifukwa kutalika kwa chiganizo sikungaganiziridwe pa pepala.

Ndinali ndi kachigawo ka masekondi 14. Mnyamata wachedwa kubwera kunyumba, akulowa usiku monyang'ama, nsapato zili m'manja. Akutseka chitseko pang'onopang'ono, akupumira m'mwamba, kenako magetsi n'kuyaka: banja lonse lili khale pa mipando, likumuyang'ana. Pa pepala inkandiseketsa, ndiye ndinangolowa m'kujambula. Filimu imayenda mafulemu 24 pa sekondi, ndipo ine chithunzi chimodzi ndimachisunga mafulemu awiri, kutanthauza zithunzi 12 pa sekondi. Masekondi 14 ndi zithunzi 168. Nditamaliza ndinaonetsa anzanga atatu. Anangoti zii, mmodzi n'kufunsa kuti, "Yathera pomwepa?" Mtima unandipweteka kwambiri.

Ndinabwerera m'mbuyo n'kupanga zomwe ndimayenera kuyambira. Zithunzi 9 zokha, mitu yozungulira ndi timizere ta manja, madzulo amodzi. Vuto linaonekera pompo. Kuchokera pomwe mnyamata wapumira m'mwamba kufika poyaka magetsi panali mafulemu 8 okha, gawo limodzi mwa atatu la sekondi. Woonera anali asanakhulupirire kuti mnyamatayu wapulumuka, ndiye kuyaka kwa magetsi sikunamulande kanthu. Ndinatalikitsa mdimawo kufika mafulemu 36, sekondi ndi theka, chete, kungomveka wotchi ya pakhoma. Anthu omwe sanaionepo anayamba kumwetulira mdima usanathe, chifukwa amamva kuti china chake chikubwera.

Chachiwiri chinali chithunzi cha banja. Ndinachipatsa mafulemu 12, koma muli anthu asanu, ndipo diso limafuna nthawi kuti liyende nkhope ndi nkhope mpaka kukafika pa kamwana ka kumapeto komwe kapinda manja ngati bambo ake. Kamwanako ndiye kanali nthabwala yeniyeni, ndipo palibe anakaona. Mafulemu 40 anakonza zimenezo. Ndinayesanso 60, koma pamenepo kuseka kumatha chithunzi chikadali pomwepo. Kusiyana kwa nthabwala yamoyo ndi yakufa kunali kosakwana sekondi imodzi, ndipo kuyesa kulikonse kunali kungokoka m'mphepete mwa chithunzi ndi mausi.

Panalinso mawu a bambo akuti, "Nthawi ili bwanji?" Ndinkawakonda. Nditawachotsa n'kusiya nsapato imodzi ikugwa kuchoka m'manja mwa mnyamata, phu, anthu anaseka kwambiri kuposa kale. Ndikanakhala kuti ndikuyang'ana milomo ya bamboyo ikuyenda, osati timizere ta animatiki, sindikanalimba mtima kuwataya. N'chifukwa chake ndimatsutsana ndi anthu okongoletsa animatiki, kuika mitundu ndi mithunzi. Chomwe wachivutikira umachiikira kumbuyo ngakhale chikuwononga nkhani. Chithunzi chingoonetsa yemwe ali pati, akuyang'ana kuti, ndipo kamera ili pafupi kapena patali.

Poyesa, pezani munthu wosaidziwa nkhaniyo, musamufotokozere kanthu, ndipo inu muziyang'ana nkhope yake osati sikirini. Akaseka mochedwa, chithunzi chinamuvuta kuwerenga. Akaseka msanga n'kusiya, mwatalikitsa. Akafunsa kuti "uyu ndi ndani", vuto lili m'zithunzi za m'mbuyo, osati pa nthabwalapo. Munthu mmodzi amagwira ntchito kamodzi kokha, kachiwiri akudziwa kale za magetsi aja.

Koma animatiki nayo ili ndi ponamiza. Zithunzi zosayenda zimaoneka zochedwa kuposa mmene zidzakhalire zikamayenda, ndiye dzanja limathamangira kudula. Kunyang'ama kwa mnyamata kuja ndinatsala pang'ono kukufupikitsa, chifukwa chithunzi chimodzi choima masekondi anayi chimatopetsa. M'malo modula ndinakugawa zithunzi zisanu ndi chimodzi: phazi m'mwamba, phazi pansi, thabwa lalira, waima, wamvetsera, wapitiriza. Masekondi anayi omwewo anadzaza, ndipo pomwe waima kumvetsera panatuluka kuseka kwina komwe sindinakulembe n'komwe. Kachigawo konse kanathera pa masekondi 17, ndipo apo m'pomwe ndinayambiranso kujambula mayendedwe.