Ganyu ya pisi siyotchipa monga mumaganizira

Anthu ambiri amati ukafuna kuseva ndalama uwalipire aganyu pa pisi osati pa tsiku, koma ine ndimaona kuti masamuwo amawasiira panjira. Tiyeni titenge zoumba njerwa, ndalamayo tingoitchula manambala basi.

Mukufuna njerwa 20,000 ndipo muli ndi anyamata 5. Pa tsiku munthu mukumupatsa 100 ndipo tinene kuti amaumba 500, ndiye kuti masiku 8, bilu yonse 4,000. Tsopano mtengo wa pisi mumautenga kuti? Pomwepo, 100 ija kugawa ku njerwa 500, zikukhala 20 pa njerwa 100 zilizonse. Muwerengetse 20,000 ija mupeza 4,000 yomweyo. Kaya athamange bwanji biluyo sisuntha ayi, chimene chasintha ndi chakuti munthu akamaumba 800 akupita kwawo ndi 160 ndipo ntchito yatha masiku 5.

Pomwe mumapulumutsa ndi pa kapitawo. Ngati amalandira 150 pa tsiku, masiku 8 ndi 1,200, masiku 5 ndi 750, ndiye zonse pamodzi 5,200 ku tsiku, 4,750 ku pisi. Apa bwana amamwetulira nkutseka kope.

Koma dikirani njerwazo ziume kaye. Munthu wa pisi dothi saliponda mokwanira, chikombole sachitsuka bwino, makona sadzadza, nanga iye akuwerenga nambala, ndipo simungamunene nkomwe poti ndi zimene mwamuuza kuti mulipira. Zizindikiro zake ndi ming'alu pakati, makona oyoyoka, njerwa zina zopyapyala kuposa zinzake. Tinene kuti ku tsiku zawonongeka 5 pa 100, ku pisi 15 pa 100. Zabwino zatsala 19,000 uku, 17,000 uko. Njerwa 100 zabwino zakudyerani 27 ndi kakobiri ku tsiku, pafupifupi 28 ku pisi. Phindu lija lapita kuti?

Ine pisi sindikuikana, imathandizadi tsiku lomwe mvula yagwa kapena madzi sanafike pamalo, poti ku tsiku mukanataya 500 anthu atangokhala. Kungoti tinene chilungamo, 500 imeneyo sinasowe, mwaisenzetsa waganyu amene wabwerera chimanjamanja, ndipo ngati madziwo amayenera kubweretsa ndinu pamafunika kumupatsako kenakake.

Maganizo anga, gwirizanani musanayambe kuti mulipira njerwa zouma zosasweka, muziwerengera limodzi, ndipo mtengowo muukwezeko pang'ono chifukwa akhala akudekha. Chomwe chimandinyansa ndi chija bwana akaona munthu wapeza 160 mawa lake nkudula mtengo kufika 15 ati akulandira zambiri. Aganyu sachedwa kuphunzira, sabata yotsatira onse azidzaumba 500 yomwe ija dala kuti musawadulenso.