TPM ndi mlembi, si mlonda: maganizo anga pa PCR 7

Chiyambire pamene Windows 11 inatuluka mu 2021 n'kufuna kuti kompyuta ikhale ndi TPM 2.0, anthu ambiri amakamba za kachipu kameneka ngati mlonda wa pachipata amene amabweza pulogalamu yoipa isanalowe. Ayi ndithu. Pa nkhani ya kudzuka kwa kompyuta, TPM ndi mlembi chabe, ndipo ndi mlembi amene amangolemba zimene wauzidwa. Siyang'ana mu disiki, siwerenga kenelo, yomwe ndi mtima wa Windows kapena Linux, ndipo ilibe mphamvu yoimitsa kompyuta kuti isadzuke. Yobweza mapulogalamu opanda siginecha yovomerezeka ndi Secure Boot, yomwe ndi ntchito ya famuweya, pulogalamu ya mkati mwa kompyuta imene imayamba kuyenda mukaiyatsa. Ntchito ya TPM ndi kusunga mbiri ya zimene zayenda, mwa njira yoti palibe angaifufute kompyuta ili chiyakire.

Ndikuumirira pamenepa chifukwa munthu akasokoneza ziwirizi amamangirira kiyi ya disiki yake pa rejisita imodzi ya TPM, monga PCR 7, n'kumagona tulo tabwino poganiza kuti watseka zonse.

Mbiriyo imalembedwa motere. Mukayatsa kompyuta, kachigawo koyambirira ka famuweya kamatenga chigawo chotsatira, n'kuwerengera hashi yake, nambala imene ili ngati chidindo cha chala cha chigawocho, n'kutumiza hashiyo ku TPM, kenako n'kuchipatsa mpata woyenda. Chigawo chimenecho nacho chimayeza chotsatira chake chisanachiyendetse, mpaka kufika pa GRUB, yomwe imadzutsa Linux, kapena pulogalamu yodzutsa Windows, kenako kenelo. Lamulo lake ndi lakuti yeza kaye, yendetsa pambuyo. Choncho pulogalamu yachinyengo ikapeza mpata woyenda, imapeza kuti yalembedwa kale. Koma onani kuti kachigawo koyambirirako palibe wokayeza kasanayambe. Timangokakhulupirira, ndipo ngati iko kali kovunda, zonse zolembedwa pambuyo pake n'zokayikitsa.

Hashi zimenezi zimapita m'marejisita otchedwa PCR. Pa makompyuta wamba alipo 24, kuyambira 0 mpaka 23, malinga ndi ndondomeko ya bungwe la Trusted Computing Group. Pa SHA-256, rejisita iliyonse ndi ya mabaiti 32 basi, ndiye simungakwane mndandanda wa zinthu mmenemo. M'marejisita olemba za kudzuka mulibenso lamulo lolembamo nambala imene ukufuna. Chomwe chilipo ndi kuwonjezera:

```
PCR = SHA256(PCR || hashi_yatsopano)
```

Ndiye kuti TPM imatenga zimene zili mu rejisita, n'kulumikiza hashi yatsopano kumapeto kwake, n'kuwerengeranso hashi ya zonsezo. Zotsatira zake zimalowa m'malo mwa zakale. Chinthu chimodzi chikasintha, kapena zinthu ziwiri zikangosinthana malo, nambala yomaliza imatuluka ina kotheratu. Ndipo pulogalamu yoipa singabwezere rejisita pa nambala yabwino, chifukwa ingafunike kupeza chinthu chimene hashi yake ikafike ndendende pa nambalayo, zomwe ndi SHA-256 palibe akudziwa kuchita kwake. Njira yokha yoyambiranso ndi kudzutsanso kompyuta, ndipo apo kuyeza kumayambiranso pachiyambi.

Mukhoza kuziona nokha pa Linux:

```
tpm2_pcrread sha256:0,2,3,4,7
```

Pa makina ambiri mupeza kuti PCR 3 ikuyamba ndi 3D458CFE, ndipo ya mnzanu wa laputopu ya mtundu wina ikuyambanso chimodzimodzi. Si cholakwika. Famuweya ikamaliza gawo lake imaika chizindikiro chotseka, EV_SEPARATOR, m'marejisita 0 mpaka 7, chomwe ndi mabaiti anayi a ziro. Rejisita imene inayamba ili ziro ndipo sinalandire china chilichonse kupatula chizindikirochi imathera pa nambala imeneyo. Mukaiona, dziwani kuti mmenemo simunalembedwe kanthu, ndipo kumangirirapo kiyi sikukupatsani chitetezo chenicheni.

Rejisita iliyonse ili ndi zake. PCR 0 imalemba famuweya yeniyeniyo, 1 makonzedwe ake, 2 timapulogalamu tobwera ndi zipangizo zolumikiza monga khadi la zithunzi. PCR 4 imalemba pulogalamu yodzutsa imene famuweya yayendetsa, pomwe 5 imalemba kagawidwe ka disiki. Pa Linux, GRUB imaika malamulo amene yayendetsa, kuphatikizapo mzere wa malangizo opita ku kenelo, mu PCR 8, ndipo mafayilo amene yawerenga, monga kenelo ndi initrd, fayilo ya timapulogalamu toyambirira totsekula disiki, imawaika mu 9.

Tsopano PCR 7, yomwe ndi pamene pagona nkhani yanga. Iyi silemba mapulogalamu. Imalemba ndondomeko ya Secure Boot: ngati ndi yoyatsa kapena yozimitsa, zimene zili m'mindandanda yake ya makiyi, zololedwa ndi zoletsedwa, yotchedwa PK, KEK, db ndi dbx, komanso satifiketi imene yagwiritsidwa ntchito povomereza pulogalamu yodzutsa. Mwachidule imanena kuti "chimene chayenda chinasainidwa ndi uje", osati "chimene chayenda ndi ichi". Anthu amaikonda pa chifukwa chomveka: mukasintha kenelo kapena GRUB, bola wosaina akhale yemweyo, nambala sisintha, ndipo disiki imatsekuka yokha monga mwa masiku onse.

Tiyeni titenge laputopu ya Linux imene disiki yake yatsekedwa ndi LUKS, njira ya Linux yobisira zimene zili pa disiki, mwini wake n'kuchita izi:

```
systemd-cryptenroll --tpm2-device=auto --tpm2-pcrs=7 /dev/nvme0n1p3
```

Apa TPM yauzidwa kuti itulutse chinsinsi chotsekulira disiki pokhapokha PCR 7 ikafanana ndi mmene ilili lero. Laputopu ija yabedwa. Wakubayo sakufunika kuthyola chilichonse. Akuyatsa, akufika pa menyu ya GRUB, akudina `e`, n'kuwonjezera `init=/bin/sh` pa mzere wa kenelo. Secure Boot sikudandaula, poti shim, kapulogalamu kamene kamayendetsa GRUB, komanso GRUB yomweyo ndi kenelo zonse zili ndi siginecha zake zabwinobwino. PCR 7 ili chimodzimodzi. Ndiye initrd ikupempha chinsinsi, TPM ikuyerekeza nambala, ikupeza zafanana, ikupereka. Disiki yatsekuka, ndipo m'malo mofunsidwa pasiwedi, wakubayo akulandira mphamvu zonse za root.

Kodi TPM yalephera? Ine ndikuti ayi. Mzere wosinthidwawo unalembedwa bwinobwino mu PCR 8. Kungoti palibe anauza TPM kuti iziyang'ananso kumeneko. Pasiwedi ya pa GRUB ingatseke khomo limeneli, koma lina likhalabe lotseguka: pa makonzedwe ambiri a Linux initrd imapangidwa pa kompyuta pomwepo, ilibe siginecha, ndipo imakhala mu /boot mosabisidwa. Wakuba akhoza kuchotsa disiki, kuikamo initrd yake imene ingosindikiza chinsinsicho pa sikirini, n'kubwezera. Kusinthako kudzaoneka mu PCR 9, osati mu 7.

Wina anena kuti basi tingomangirira pa 0, 2, 4, 7, 8 ndi 9 zonse. Mukhoza kutero, koma mudzatopa. Kenelo yatsopano ikangobwera, 8 ndi 9 zasintha. Famuweya ikakonzedwa, 0 yasintha. Nthawi iliyonse TPM idzakana, inu n'kulemba pasiwedi yaitali yopulumutsira ndi kumangiriranso kiyi. Choopsa chake si kutopa kokha. Munthu amene amafunsidwa pasiwedi yopulumutsira pafupipafupi amazolowera, moti tsiku limene kufunsidwako kudzakhale chenjezo lenileni, adzangolemba osaganiza.

Ngakhale 7 yeniyeniyo imasuntha. Vuto la GRUB lotchedwa BootHole litaululika mu 2020, mapulogalamu odzutsa ambiri akale anayenera kuikidwa mu dbx, mndandanda wa zoletsedwa, ndipo dbx ikasintha PCR 7 imasintha nayo.

A Windows anakonza mbali imeneyi mwanzeru, tivomereze. Secure Boot ikakhala bwino, BitLocker, njira yawo yotsekera disiki, imamangirira pa 7 ndi 11. Zikapanda kutero imagwiritsa 0, 2, 4 ndi 11. Kumeneko pulogalamu yodzutsa ndiyo imapempha kiyi, ndipo isanapereke ulamuliro kwa wotsatira imawonjezera kanthu mu PCR 11, kuti wobwera pambuyo asathenso kupempha kiyi yomweyo. Kuti mudziwe za makina anu, lembani `manage-bde -protectors -get C:` muone marejisita amene atchulidwa. Mukaona 0, 2, 4, 11, yembekezani kuti kukonza famuweya popanda kuimitsa kaye BitLocker kudzakufikitsani pa sikirini yofunsa kiyi ya manambala 48.

TPM ikakana, mungadziwe bwanji chimene chasintha? Rejisita payokha singakuuzeni, imangokhala nambala yosiyana ndi ya dzulo. Yankho lili mu kaundula wa zochitika amene famuweya imalemba pambali, chinthu ndi chinthu, pamodzi ndi hashi yake ndi rejisita imene chinapitako:

```
tpm2_eventlog /sys/kernel/security/tpm0/binary_bios_measurements
```

Kaundulayu sakhala mu TPM, amakhala mu memore wamba, ndiye akhoza kunamizidwa. Chomupatsa mphamvu n'chakuti mukawerengera hashi zake zonse motsatana kuyambira pa ziro, muyenera kufika pa nambala imene TPM ikuonetsa. Zikasiyana, kaundulayo ndi wabodza kapena ndi wosakwanira. Langizo langa ndi lakuti musunge kope lake tsiku limene mukumangirira kiyi. Tsiku la mavuto mudzangoyerekeza awiriwo. Ngati chasintha ndi dbx yokha ndipo dzulo lake munalandira zokonza, mtima pansi. Ngati mwapezeka pulogalamu yodzutsa yachilendo mu PCR 4, kapena Secure Boot yalembedwa kuti ndi yozimitsa inu simunaikhudze, musalembe pasiwedi pa makina amenewo.

Nanga ine ndingatani pa Linux? Ndingaphatikize kenelo, initrd ndi mzere wa malangizo mu fayilo imodzi yosainidwa, imene amaitcha UKI. Pamenepo Secure Boot imayang'ana zonse zitatu pamodzi, mzere wa malangizo sungasinthidwe pa menyu, ndipo kapulogalamu ka mu UKI kotchedwa systemd-stub kamayeza zigawozo mu PCR 11. Kiyi imatha kumangiriridwa pa ndondomeko yosainidwa ya PCR 11 m'malo mwa nambala imodzi youma, kotero kenelo yatsopano imabwera ndi siginecha ya nambala zake ndipo disiki imatsekukabe.

Kenako ndingawonjezere `--tpm2-with-pin=yes`. Ndikudziwa, ambiri amafuna TPM n'cholinga choti asamalembe kanthu poyatsa, ndipo pa seva yokhala m'chipinda chokhoma zimenezo n'zomveka. Koma laputopu imayenda, ndipo pa makina amene TPM ndi kachipu kapadera, akatswiri anaonetsa kale kuti kiyi ya BitLocker ikhoza kugwidwa pa mawaya a LPC kapena SPI pamene ikuchoka ku TPM kupita ku purosesa, marejisita onse ali olondola. Ndi PIN, TPM situlutsa kanthu mpaka munthu alembe nambala yoyenera, ndipo akaphonya kangapo imayamba kumudikiritsa, moti PIN yaifupi imapirira kuposa mmene pasiwedi yaifupi ya disiki ingapiririre.